Mukakongola K50 miliyoni yogulira nyumba, mudzabweza zingati pa zaka 20?

Munthu akapita kubanki kukafunsa za ngongole ya nyumba, khutu lake limadikira nambala imodzi yokha, ya ndalama zimene azidulidwa pamwezi. Akaimva amaiyerekeza ndi malipiro ake ndi lendi imene akupereka ku Chitawira kapena ku Kanjedza, ndipo akaona kuti akwanitsa amasaina. Koma pali nambala ina imene siitchulidwa kawirikawiri patebulo paja, ya ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba mwake kuyambira mwezi woyamba mpaka wa 240. Nambala imeneyo mungaipeze nokha ndi foni yanu musanagwire cholembera, ndipo mukaipeza mudzaona kuti pa chiwongoladzanja cha kwathu kuno, kusankha zaka 20 kumakupeputsirani pang'ono kwambiri pamwezi koma kumakudyerani ndalama zogula pafupifupi nyumba zina ziwiri.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Mwapeza nyumba ku Machinjiri ya K60 miliyoni. Muli ndi K10 miliyoni ya dipoziti, ndiye banki ikukongozani K50 miliyoni, yobweza pa zaka 20. Chiwongoladzanja tichiike pa 24 peresenti pachaka. Ndasankha 24 chifukwa imagawika bwino ndi miyezi 12, kupereka 2 peresenti pamwezi, komanso siili kutali ndi kumene ziwongoladzanja za m'dziko muno zakhala zikuzungulira kuyambira 2023. Yanuyo ikhoza kukhala yokwererapo. Muitenge pakalata imene banki yakupatsani, osati pakamwa pa munthu.

Yambani ndi zinthu zitatu za pakalata ya banki

Pakalata yokuvomerezani ngongole fufuzani ndalama yeniyeni imene yalembedwa ngati ngongole, chiwongoladzanja cha pachaka, ndi chiwerengero cha miyezi. Pa yoyambayo samalani. Mwina munapempha K50 miliyoni, koma ngati banki yaphatikizamo ndalama zoyendetsera ngongole kapena inshuwaransi ya chaka choyamba, ngongole yanu si K50 miliyoni ayi, ndi yoposa pamenepo, ndipo chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa zonsezo.

Tsopano gawani chiwongoladzanja ndi 12. Kwa ife 24 kugawa ndi 12 ndi 2 peresenti. Mwezi woyamba banki ikufuna 2 peresenti ya K50 miliyoni, yomwe ndi K1,000,000 ndendende. Imeneyi si yobweza ngongole. Ndi mtengo wongokhala ndi ndalama za eni ake kwa mwezi umodzi. Mukamapereka K1,000,000 yokhayo mwezi uliwonse, ngakhale mpaka kukalamba, ngongole ija idzakhalabe K50 miliyoni.

Anthu amalakwitsa masamu amenewa m'njira ziwiri. Ena amaganiza kuti 24 peresenti imaikidwa kamodzi, ndiye amati abweza K62 miliyoni. Ayi, imabwera chaka chilichonse. Ena amatenga K12 miliyoni ya chaka choyamba n'kuchulukitsa ndi zaka 20, n'kuonjezapo K50 miliyoni ija, n'kupeza K290 miliyoni. Apanso si momwemo, chifukwa ngongole ya nyumba imawerengedwa pa ndalama yotsala, ndipo yotsalayo imachepa, ngakhale imachedwa kuchepa. Yankho lenileni lili pakati pa ziwirizi, koma lili kufupi kwambiri ndi lalikululo.

Pezani za pamwezi, kenako chulukitsani

Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets, ngakhale ya pafoni, lembani izi m'kabokosi kamodzi:

```
=PMT(24%/12, 240, -50000000)
```

Ituluka 1,008,704. Ngati mulibe, makina owerengera a pafoni akwanira bola akhale ndi batani lolembedwa xʸ, limene pamafoni ambiri limaoneka mukaigoneka foniyo cham'mbali. Lembani 1.02, yomwe ndi 1 kuphatikiza 2 peresenti ija, dinani batani lija, lembani 240, mupeza 115.8887. Gawani 1 ndi nambala imeneyi, mupeza 0.008629. Ichotseni pa 1, patsala 0.991371. Pomaliza tengani K1,000,000 ya chiwongoladzanja cha mwezi woyamba ija muigawe ndi 0.991371. Mufika pa K1,008,704 yomweyo.

Chulukitsani ndi miyezi 240. Zonse pamodzi ndi K242 miliyoni ndi kakanganyase pamwamba, pafupifupi K242,089,000. Munakongola K50 miliyoni. Ndiye kuti K192 miliyoni ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo pa kwacha iliyonse imene munatenga mwabweza K4.84.

Ngati ngongole yanu si K50 miliyoni, sungani nambala iyi: pa 24 peresenti kwa zaka 20, miliyoni iliyonse imafuna K20,174 pamwezi, ndipo pomaliza imakhala yakudyerani K4,842,000. Wokongola K30 miliyoni azipereka K605,222 pamwezi n'kudzabweza K145 miliyoni. Wa K80 miliyoni adzabweza K387 miliyoni. Kukula kwa ngongole sikusintha kuchulukana kwake. Chimene chimasintha ndi chiwongoladzanja ndi zaka basi.

Nambala ya banki ikhoza kusiyana ndi yanu ndi ndalama zochepa, chifukwa mabanki ena amawerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, ndipo miyezi siifanana masiku. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Koma ikasiyana ndi masauzande makumimakumi, ndiye kuti muli china chimene aphatikizamo, ndipo mufunse kuti ndi chiyani.

Onani kumene ndalama ya mwezi uliwonse ikupita

Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo ndikupemphani muyende nane pang'onopang'ono. Mwezi woyamba mwapereka K1,008,704. Banki yatengapo K1,000,000 yake. Yopita ku ngongole yeniyeni ndi K8,704 yokha. Ngongole yatsika kuchoka pa K50,000,000 kufika pa K49,991,296. Mwezi wachiwiri 2 peresenti ya yotsalayo ndi K999,826, ndiye yobweza ngongole yakwera pang'ono kufika pa K8,878. Mwezi wachitatu ikweranso pang'ono, ndipo zimapita choncho.

Chaka chikamatha mwatulutsa K12.1 miliyoni, koma ngongole yatsika ndi K116,740 yokha. Pakatha zaka 5 mwapereka K60.5 miliyoni, yoposa mtengo wonse wa nyumba ija, koma banki ikukuwerengeranibe K49 miliyoni. Pakatha zaka 10, pamene munthu amaganiza kuti wafika pakati pa ulendo, mwapereka K121 miliyoni ndipo yatsala K45.75 miliyoni. Pa zaka 15 yatsala K35 miliyoni. Theka la ngongole limatha m'mwezi wa 206, ndiye kuti chaka cha 17 chitadutsa kale, ndipo theka linalo limatha mothamanga m'zaka zosakwana zitatu zomaliza.

Mungadzionere nokha yotsala pa mwezi uliwonse. Iyi ikupatsani ya pa mwezi wa 120, ndipo mungosintha nambala imeneyo:

```
=FV(24%/12, 120, 1008704, -50000000)
```

Mlamu wanga wina anabwera kunyumba ndi sitetimenti yake ataipinda kanayi m'thumba la malaya, nkhope ili gwa. Anali atadulidwa kwa zaka zingapo osaphonya mwezi. Anaiyala patebulo n'kuloza mzere wapansi ndi chala. "Alamu, taonani apa. Anthu awa akundibera kapena? Ndalama zonse zija zapita kuti?" Tinatenga cholembera n'kuwerenga mzere ndi mzere, yotsala ya mwezi wapita kuchulukitsa ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, kuchotsa pa zimene anadulidwa. Mizere yonse inagwirizana. Panalibe wakuba. Chinalipo n'chakuti palibe anamuonetsa ndandanda imeneyi tsiku losaina, ndipo iyenso sanadziwe kuti angaipemphe.

Ndiye ipempheni. Muuzeni wokuthandizani kubankiko kuti, "Bambo, mundisindikizireko ndandanda ya miyezi yonse 240, yoonetsa chiwongoladzanja payokha, yobweza ngongole payokha, ndi yotsala." Pakompyuta yawo ilipo. Mukailandira pitani patsamba lomaliza muone zonse pamodzi, kenako bwererani pa mzere wa 60 ndi wa 120 muone yotsala.

Yotsalayo si nkhani yongodziwa chabe. Mukasamutsidwa ntchito kupita ku Lilongwe pakatha zaka 5 n'kufuna kugulitsa nyumbayo, banki iyamba yatenga K49 miliyoni yake pa ndalama za wogula, inu n'kutenga zotsala. Ndiponso mukaphonya mwezi umodzi wokha pa nthawi imeneyo, chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, pafupifupi K980,000, chimakwera pamwamba pa ngongole, n'kufafaniza pafupifupi zonse zimene munatsitsa m'zaka 5, tisanawerenge n'komwe chilango cha kuchedwa.

Yesani zaka zochepa musanavomere 20

Munthu amasankha zaka 20 poganiza kuti za pamwezi zipepuka kwambiri. M'maiko amene chiwongoladzanja chili pansi zimenezo n'zoona. Kwathu kuno ayi, ndipo chifukwa chake mwachiona kale: K1,000,000 ija ya chiwongoladzanja siisuntha, kaya musankhe zaka 10, kaya 20, kaya 30. Zaka zimangokhudza kachidutswa kapamwamba kaja.

Bwererani ku PMT ija musinthe 240 ikhale 180. Pa zaka 15 za pamwezi ndi K1,029,137, ndipo zonse pamodzi ndi K185 miliyoni. Mwaonjeza K20,433 yokha pamwezi, koma mwapulumutsa pafupifupi K57 miliyoni ndi zaka 5 za moyo wanu. Isintheninso ikhale 120. Pa zaka 10 za pamwezi ndi K1,102,405, zonse pamodzi K132 miliyoni. Kusiyana kwake ndi zaka 20 zija ndi K93,701 pamwezi, koma pamapeto mwasunga pafupifupi K110 miliyoni, ndalama zoposa kawiri ngongole imene munatenga.

Ine maganizo anga ndi akuti, pa chiwongoladzanja chopitirira 20 peresenti, munthu amene angakwanitse za pamwezi za zaka 20 ayesetse ndithu kufikira za zaka 15, ndipo ngati kungatheke za zaka 10. Ngati K20,433 yoonjezerayo ikukukanikani, chimenecho n'chizindikiro chakuti ngongoleyo yakukulirani kale, chifukwa kukwera kwa chiwongoladzanja kamodzi kokha kudzafuna zoposa pamenepo. Kuli bwino kuchepetsa ndalama yokongolayo, kapena kudikira kuti dipoziti ikule, kusiyana ndi kutalikitsa zaka. Miliyoni iliyonse imene mwaonjeza pa dipoziti yakuchotserani K4.84 miliyoni pa zaka 20.

Pali chifukwa chimodzi chomveka chotengera zaka 20. Banki imaona malipiro anu n'kuika malire a gawo limene lingadulidwe, ndiye nthawi zina K1,102,405 imadutsa malirewo pamene K1,008,704 ikulowa. Zikatero tengani zaka 20 papepala, koma muzilipira ngati munthu wa zaka zochepa. Mmene zimenezi zimayendera ndifotokoza pansipa.

Chiwongoladzanja sichikhala malo amodzi

Masamu onse apamwambawa akuyerekeza kuti 24 peresenti ikhala yomweyo kwa zaka 20. Sizichitika. Ngongole zambiri za mabanki a m'dziko muno zimamangiriridwa ku mlingo umodzi umene mabanki onse amayambira, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki iliyonse imaonjezapo gawo lake malinga ndi mmene ikukuonerani. Mlingo umenewo umatsatira kwambiri chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi. Cha banki yaikuluyi chinali pa 12 peresenti m'chaka cha 2021. Mu 2022 chinakwera kufika pa 14 kenako 18, mu 2023 chinafika pa 22 kenako 24, ndipo mu February 2024 chinafika pa 26 peresenti. Amene anasaina ngongole mu 2021 anaona za pamwezi zikukwera kangapo konse m'zaka zitatu, nyumba ili yomweyo, malipiro osathamanga chimodzimodzi.

Choncho musawerenge kamodzi kokha. Ikani ziwongoladzanja zingapo mu PMT ija muone mmene K50 miliyoni ya zaka 20 imasinthira. Pa 12 peresenti za pamwezi ndi K550,543, zonse pamodzi K132 miliyoni. Pa 18 peresenti ndi K771,656, zonse pamodzi K185 miliyoni. Pa 24 mwaona kale, K242 miliyoni. Pa 30 peresenti ndi K1,253,345 pamwezi, ndipo zonse pamodzi zimadutsa K300 miliyoni, kasanu ndi kamodzi ndalama imene munakongola. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, chikakwera ndi 6 peresenti, kodi K245,000 yoonjezera pamwezi ichokera kuti?

Pali kenanso kobisika. Chiwongoladzanja chikangokwera kuchoka pa 24 kufika pa 25, cha pamwezi pa K50 miliyoni chimakhala K1,041,667. Imeneyi yaposa K1,008,704 imene mukudulidwa. Ngati za pamwezi sizinasinthidwe, ngongole yanu iyamba kukula m'malo mochepa, inu mukulipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi. Za pamwezi zoyenera pa 25 peresenti ndi pafupifupi K1,049,100. Ndiye mukamva pawailesi kuti chiwongoladzanja chakwera, musadikire kalata. Tengani sitetimenti muyerekeze yotsala ya mwezi uno ndi ya mwezi watha. Ikakhala kuti yakwera pamene inu simunaphonye, pitani kubanki sabata yomweyo akakonze za pamwezi.

Chikatsika, mwayi ndi wanu, koma muugwire bwino. Banki idzafuna kukutsitsirani za pamwezi. Ngati munazolowera kale kupereka zakalezo, pemphani kuti zikhale momwemo, kusiyana kwakeko kuzipita ku ngongole yeniyeni.

Kulipira moonjeza, ndi mawu oti munene pokapereka

Popeza yobweza ngongole m'miyezi yoyamba ndi K8,704 yokha, kandalama kalikonse koonjezera kamagwira ntchito yaikulu modabwitsa. Mukamaonjeza K50,000 mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi, ndiye kuti mukutsitsa ngongole ndi K58,704 m'malo mwa K8,704, pafupifupi kasanu ndi kawiri. Onani miyezi imene ingatenge:

```
=NPER(24%/12, -1058704, 50000000)
```

Ituluka 146 ndi kakang'ono pamwamba, ndiye kuti zaka 12 ndi miyezi iwiri kapena itatu. Zonse pamodzi mudzapereka pafupifupi K155 miliyoni m'malo mwa K242 miliyoni.

Ndalama yobwera kamodzi nayonso imachita zazikulu ikabwera msanga. Tinene kuti pakutha pa chaka choyamba mwalandira bonasi, kapena yafika nthawi yanu kuchipereganyu, ndipo mwapititsa K1,000,000 ku ngongole. Yotsala yatsika kuchoka pa K49,883,260 kufika pa K48,883,260. Apa banki ingachite zinthu ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Ikhoza kusiya zaka zili momwemo n'kukutsitsirani za pamwezi ndi K20,221, zimene pa miyezi 228 yotsalayo zimakwana K4.6 miliyoni. Kapena ikhoza kusiya za pamwezi zili momwemo n'kufupikitsa nthawi. Ikatero, miyezi 228 ija imatsika kufika pa 176. Miyezi 52 yachoka, zaka zinayi ndi miyezi inayi, ndipo ndalama zimene simudzaperekanso zikuposa K52 miliyoni. Miliyoni yomweyo, tsiku lomwelo, kusiyana kwake kuli pa zimene mwawauza.

Choncho musangoponya ndalamayo mu akaunti n'kumapita. Ikhoza kungokhala m'menemo kudikira kudulidwa kwa mwezi wamawa, osatsitsa kanthu. Lembani kalata yaifupi yonena kuti ndalamayi ichotsedwe pa ngongole yeniyeni, za pamwezi zisasinthe, nthawi ndiyo ifupike. Sungani kope lodindidwa, ndipo pa sitetimenti yotsatira onani ngati yotsala yatsika ndi ndalama yonseyo.

Musanasaine ngongole, funsani ngati pali chilango cha kubweza msanga, ndipo akuonetseni ndime yake pamgwirizano. Funsaninso ngati amalola kuonjeza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kapena amafuna ndalama yoyambira pa mlingo winawake. Banki yokhala ndi chiwongoladzanja chotsikirapo pang'ono koma yoletsa kubweza msanga ikhoza kukudyerani zambiri kuposa inzake. Mabanki ali pafupipafupi m'tauni ya Blantyre ndi ku Limbe, ndipo kuyenda awiri kapena atatu ndi mafunso omwewa ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Dziwaninso kuti mphamvu imeneyi imachepa zaka zikamapita. Miliyoni yoperekedwa m'chaka cha 18 imangopulumutsa chiwongoladzanja cha zaka ziwiri zotsalazo. Nthawi yolimbikira ndi zaka zisanu zoyambirira, zomwenso ndi zaka zimene nyumba yatsopano imafuna mpanda, geti, matailosi ndi penti. Ine ndingati matailosi adikire. Simenti yapansi siikula ndi 2 peresenti pamwezi.

Onjezani zimene sizili mu K242 miliyoni

Nambala yathu ija ndi ya ngongole ndi chiwongoladzanja basi. Kuti mudziwe mtengo weniweni wa nyumbayo, lembani papepala lomwelo dipoziti yanu ya K10 miliyoni, ndalama imene banki imadula poyendetsa ngongole, ya katswiri woyeza mtengo wa nyumba, ya loya, ndi msonkho wa boma wodindira zikalata posintha umwini ndi polembetsa nyumbayo ngati chikole. Izi zimaperekedwa kamodzi. Palinso za chaka ndi chaka: inshuwaransi ya nyumba, inshuwaransi ya moyo wanu imene imatseka ngongole mukamwalira, msonkho wa nyumba ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ndi lendi ya malo ngati malowo ali pa lizi. Pemphani banki ikulembereni chilichonse ndi mtengo wake, ndipo za chaka ndi chakazo muchulukitse ndi 20, podziwa kuti zidzakwera.

Pa zolipira kamodzizo, akakufunsani ngati aziphatikize mu ngongole, yesetsani kukana ngati muli nazo m'manja. K2 miliyoni ya loya ndi zikalata ikalowa mu ngongole ya zaka 20 imasanduka K9.7 miliyoni.

Kodi K242 miliyoni ya mtsogolo ndi yofanana ndi ya lero?

Wina anena kuti masamuwa akuopseza mopitirira, chifukwa kwacha imagwa. Akunena zoona ndithu. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo aliyense wogula ku msika wa Limbe akudziwa mmene mitengo yayendera kuchokera pamenepo. K1,008,704 ya m'chaka cha 15 idzakhala yopepuka kuposa ya lero, mtengo wa nyumba m'makwacha udzakhala utakwera, ndipo zaka zonsezo simukulipira lendi. Zimenezi ziyenera kulowa m'maganizo anu, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti ngongole ya nyumba ndi yoipa.

Koma kugwa kwa kwacha kumathandiza wokongola pokhapokha malipiro ake akamakwera mofanana ndi mitengo, ndipo ambiri olembedwa ntchito amakwezeredwa mochedwa ndiponso mochepa. Chachiwiri, mitengo ikamakwera banki yaikulu imakweza chiwongoladzanja, ndiye za pamwezi zimakwera nthawi yomweyo imene ufa, mafuta ndi fizi zakwera. Chachitatu, mitengo ikadzakhazikika n'kutsika chiwongoladzanja, amene adzapindule kwambiri ndi amene anapirira zaka zoyambirira osaphonya. Zaka zoopsa ndi zoyambazo, pamene za pamwezi zili zolemera kwenikweni ndipo ngongole isanasunthe.

Kuti muone ngati inuyo mungapirire, yesani izi musanasaine. Werengani za pamwezi pa chiwongoladzanja chimene akupatsani mutaonjezapo 4 peresenti, pa zaka 15 osati 20. Chotsanipo lendi imene mukulipira panopa. Yotsalayo muziiika padera tsiku lolandira malipiro kwa miyezi isanu ndi umodzi, osaigwira ngakhale kutagwa maliro kapena fizi itavuta. Mukakwanitsa miyezi yonseyo, ndalama imene yasonkhanayo ipite pa dipoziti, ndipo mubwerere ku PMT ija ndi ngongole yocheperapo. Mukaigwira ngakhale kamodzi, tsitsani ndalama yoti mukongole mpaka za pamwezi zifike pamene munakwanitsa, kenako muyambe kufunafuna nyumba ya mtengo umenewo.